Fyugu ya Bach ija ya C maina, mmene mungaimvetsere osasochera

"Abale ndithandizeni, tili ndi mayeso omvetsera sabata yamawa pa fyugu. Sabujekiti, ansala, kauntasabujekiti ndi episodi ndimazidziwa papepala, koma nyimbo ikayamba zonse zimangomveka chimodzimodzi. Ndiyambire pati?"

Asisi vuto si makutu anu ayi, ndi kaphunzitsidwe kake, ndipo ine zimenezi zimandiwawabe mpaka lero. Ife a lekichala athu semesita yonse ankangotilembetsa manotsi, sabujekiti ndi chakuti, ansala ndi sabujekiti yomweyo yokwezedwa masitepe asanu, basi lembani, osatiyikirako nyimbo olo kamodzi kuti timve chomwe akunenacho. Ndiye tsiku lina angobwera ndi kasipika kakang'ono kolira ngati kang'ambika, akuti lero tiyesana, aliyense aziyima kutsogolo aziwomba m'manja sabujekiti ikalowa. Woyamba kuitanidwa ndinali ine. Kalasi yodzaza, kunja jenereta ikulira, besi osamveka n'komwe pa kasipika kaja. Anayika fyugu ya Bach ya C maina. Kulowa koyamba ndinawomba, kwachiwiri ndinawomba, kwachitatu ndinachita kuganizira chifukwa besi inali itamira, kenako kamutu ka nyimbo kaja kanayamba kumveka uku ndi uku motsatizana ndiye ine manja ali pha pha pha. Anayimitsa nyimbo, kundiyang'ana kuyambira kumapazi, amvekere "mwabwera kudzaphunzira kapena mwabwera ku chinkhoswe?" Anthu kuseka, ine manja akunjenjemera thukuta lili kamukamu, ndinangoima pompo osadziwa kuti ndikhale pansi kapena ayi. Akuti imeneyo ndi episodi, mwana wa fomu wani angadziwe. Angadziwe bwanji poti inu simunatiuzepo kuti episodi imamangidwa ndi zidutswa za sabujekiti yomweyo?? Mmanotsi mwawo munalembedwa kuti episodi ndi pamene sabujekiti palibe, mzere umodzi basi. Munthu kulandira malipiro mwezi ndi mwezi kuti azichititsa manyazi ana a eni pa chinthu chomwe sanaphunzitse, ndimaipidwa nazo kwambiri.

Nde mverani, tengani fyugu yomweyo chifukwa ndi yaifupi, mabaa 31 okha, siikwana ndi mphindi ziwiri zomwe kwa oyimba ambiri. Sakani BWV 847, ili m'buku loyamba la Well-Tempered Clavier lomwe Bach anamaliza mu 1722 ali ku Köthen. Imayamba ndi preludi yothamanga, idumpheni kaye. Fyuguyo ili ndi mawu atatu, sopulano, aluto ndi besi, ngakhale kuti woyimba ndi munthu mmodzi pa kiyibodi. Mawu amenewa ndi mizere ya nyimbo, aliyense akuyenda njira yakeyake, palibe amene akungoperekeza mnzake.

Chinthu choyamba musamvetsere n'komwe, yimbani. Ngati munakulira mu kwaya solofa mukuidziwa, sabujekiti yake ndi iyi, l ndiye C:

l se l m f, l se l t m, l se l t r m f m r d

Mwaona kamutu ka l se l kakubwera katatu? Manoti awiri oyamba a kamutuko ndi ofulumira, yachitatu yotalikirapo. Yimbani mpaka muzitha kuyimba mukutsuka mbale, makamaka mchira wake uja r m f m r d, chifukwa mchirawo ndi umene udzakupulumutseni. Aluto ndi amene amayamba nayo yekhayekha, mabaa awiri oyamba palibenso mawu ena. Nyimbo ikayamba ndi mzere umodzi wopanda operekeza chonchi, imeneyo ndiye sabujekiti, palibe chovuta apa.

Pa baa 3 sopulano akulowa pamwamba, iyi ndiye ansala. Ndi nyimbo yomweyo koma yasamukira ku dominanti, kutanthauza kuti yoyamba inayambira pa C, iyi ikuyambira pa G. Apa ndi pamene manotsi aja amanama pang'ono. Sabujekiti imati C B C kenako kutsika kukafika pa G. Ansala ikanakhala kope yeniyeni bwenzi ikuti G F# G kenako kutsika kukafika pa D. Koma Bach sanalembe D, analemba C. Mukaiyimba mu solofa ya kiyi yatsopanoyo mupeza l se l r f mmalo mwa l se l m f, noti imodzi yokha yachinayi ndiyo yasintha, zina zonse zili chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti G uja wa mu sabujekiti ndi dominanti ndipo wabwera koyambirira kwenikweni, ndiye amayankhidwa ndi toniki, yomwe ndi C, kuti khutu lisachoke msangamsanga mu C maina nyimbo itangoyamba kumene. Ansala yosinthidwa chonchi imatchedwa tonolo, yosasinthidwa olo noti imodzi imatchedwa riyo. Pa mayeso funso limeneli silisowa. Pomvetsera tcherani khutu pa kudumpha koyamba kuja, kwa sopulano n'kotalika pang'ono kuposa kwa aluto, masitepe asanu mmalo mwa anayi.

Tsopano pamene sopulano akuyimba ansala, aluto sanakhale chete. Iye akutsika sikelo mothamanga kuchokera pa C mpaka C wapansi, kenako kudumphira mmwamba n'kumayenda ndi manoti odekha. Ameneyo ndiye kauntasabujekiti. Koma samalani, si chilichonse choyimbidwa pambali pa ansala chomwe ndi kauntasabujekiti ayi, chimayenera chizibweranso sabujekiti ikamalowa kutsogoloku. Chikamveka kamodzi n'kusowa, chimenecho ndi kauntapointi wamba. Muno sikelo yotsikayo imabweranso ndithu, nthawi zina pamwamba pa sabujekiti nthawi zina pansi pake, ndipo Bach anailemba dala kuti izimveka bwino mbali zonse ziwiri. Kuti muimve, bwezani pa baa 3 ndipo mudzikakamize kusamvera sopulano, khutu limathamangira mawu apamwamba mwachibadwa ndiye muyenera kulikoka. Ine ndimachita kung'ung'udza mzere wa aluto pamodzi ndi rekodingi.

Mukuyembekeza besi pa baa 5 eti? Salowa. Pali kamlatho ka mabaa awiri, sopulano akubwereza kamutu kaja akukwera sitepe ndi sitepe, aluto akukwera ndi timasikelo pansi pake, ntchito yake kutibweza kuchoka ku G maina kubwerera ku C maina kuti besi apeze polowera. Mabuku ena amati kodeta ena amati episodi yoyamba, ndiye funsani kuti a lekichala anu amawerenga bwanji chifukwa zimasintha nambala ya maepisodi onse. Besi akulowa pa baa 7 ndi sabujekiti pa C, sopulano watenga sikelo yotsika ija, aluto wabweretsa kauntasabujekiti wachiwiri wosamveka kwambiri. Besi akamaliza pa baa 9, mawu onse atatu alowa, ekisipozishoni yatha.

Pomwepa ndi pamene ndinachitidwa chipongwe paja, baa 9 ndi 10. Sopulano akuti l se l, aluto akumutsanzira, sopulano kachiwiri motsikirapo, aluto kachiwiri, besi ali pansi kuthamanga ndi masikelo otengedwa ku kauntasabujekiti. Chilichonse chomwe mukumva mwachimvapo kale, n'chifukwa chake mukuti zikumveka chimodzimodzi, ndipo simukulakwa. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe amene akumaliza nyimboyo mpaka kumchira. Lamulo langa ndi limeneli, mukamva kamutu musalembe kanthu, pitirizani kuyimba sabujekiti mumtima. Rekodingi ikayenda nanu mpaka r m f m r d, kumeneko ndi kulowa kwenikweni. Ikakusiyani panjira n'kubwereza kachidutswa komweko pamalo okwera kapena otsika, muli mu episodi. Kubwereza kotereku amati sikwensi, ndipo ndi chizindikiro chachikulu cha episodi. Episodi ili ngati msewu wapakati pa matauni awiri, ntchito yake ndi kukuchotsani mu kiyi ina kukufikitsani mu ina.

Ndipo mumvadi kuti mwafika kwina, pa baa 11 sopulano akulowa ndi sabujekiti yonse mu E fulati meja, kukuwala mwadzidzidzi, ndi malo okhawo mu fyugu yonse pomwe sabujekiti ili mu meja ndiye gwiritsani ntchito ngati chizindikiro chanu mukasochera. Baa 13 ndi 14 episodi ina, yosavuta kuizindikira chifukwa sikelo ija yatembenuzidwa, sopulano akukwera mmalo motsika. Baa 15 aluto akulowa mu G maina, ndipo uku ndi kulowa komwe anthu ambiri amakuphonya poti kuli pakati, kwaphimbidwa pamwamba ndi pansi. Kenako episodi yochokera ku kamlatho ka baa 5 kaja koma mawu asinthana malo, baa 20 sopulano akutibwezera kwathu ku C maina. Kuyambira baa 22 episodi yaitali kuposa zonse, m'bale wake wa ya baa 9 ija, msampha womwewo. Pakati pa baa 26 besi akulowa mwamphamvu, nyimbo ikuima mwadzidzidzi pa baa 28, kenako C wapansi akugwiridwa osasiyidwa, imeneyo ndi pedo, ndipo sopulano akuyimba sabujekiti komaliza pamwamba pake n'kutsekera pa kodi ya C meja. Mukawerenga bwino mupeza kulowa 8. Mukapeza 12 kapena 15 dziwani kuti mwawerengera timitu ta mu episodi. Mukapeza 7, mwina ndi aluto wa baa 15 uja wakudutsani.

China, akakufunsani za sitireto, kuja sabujekiti imalowa inzake isanathe, muno mulibe. Kutsanzirana kwa pa baa 9 kumanyenga koma ndi zidutswa chabe. Musalembe chinthu chifukwa choti chili mmanotsi, fyugu iliyonse siikhala ndi zonse.

Ndanena kuti mapepala ndi amene anatipweteka, komabe pitani mukadawunilode sikoo yake pa webusaiti ya IMSLP, ndi yaulere, masamba ake ndi ochepa, mukapulintitse. Tengani mabolopeni atatu osiyana mitundu, sabujekiti mtundu wake, kauntasabujekiti wake, maepisodi muzingowazunguliza, ndipo manambala a mabaa omwe sabujekiti ikulowa, 1, 3, 7, 11, 15, 20, 26, 29, muwaloweze pamtima ngati nambala ya foni chifukwa sipika ya mu holo ikakhala yoipa besi simudzaimva ngakhale makutu anu akhale akuthwa bwanji. Mverani pa mahedifoni, woyimba wina wodekha wina wothamanga, mukhozanso kuchepetsa liwiro pa YouTube kufika 0.75. Ndipo manotsi a a lekichala anuwo musawataye, pa mayeso lembani matanthauzo mmene iwo amawafunira ngakhale mukudziwa kuti ndi operewera, makisi ali mmanja mwawo. Lachisanu likafika mundiuze kuti akuyikirani iti, ikakhala ya mawu anayi tikambirana za tena chifukwa ameneyo ndiye amabisala kuposa aluto.