Za funso la patinashipu lija: gawani kaye phindu, msonkho ubwera pambuyo

"Madamu, ndikukonzekera mayeso a ICAM ndipo funso ili landizunguza mutu. A Phiri ndi a Banda ali ndi shopu ya hadiweya. Mpamba wa a Phiri ndi K20,000,000, wa a Banda K10,000,000, ndipo anagwirizana intelesiti ya 10 peresenti pa mpambawo, salale ya a Banda K300,000 pamwezi, zotsala azigawana 3:2. Mabuku akuonetsa pulofiti ya K14,000,000 atachotsa kale salaleyo ndi dipulisiyeshoni ya K1,200,000. Kapito alawansi ndi K800,000. A Phiri anatapa K5,000,000 m'chakamo. Msonkho akuti K1,800,000 yoyamba 0, K4,200,000 yotsatira 25 peresenti, kupitirira apo 30 peresenti. Ine ndinadula msonkho pa K14,000,000 kenako ndikugawa zotsalazo koma aphunzitsi angokhwatcha zonse. Ndalakwitsa pati?" Wophunzira wa ku Matawale, Zomba

Achimwene, kalikuleta yanu ilibe mlandu, chomwe chavuta ndi poyambira. Mwautenga patinashipu ngati kampani. Kampani imalipira msonkho payokha pa phindu lake lonse kenako eni ake ndikumagawana zotsala, koma patinashipu ayi, kwa a MRA amene amakhoma msonkho ndi munthu aliyense payekha, a Phiri paokha a Banda paokha, aliyense ndi TPIN yake. Shopuyo imapereka ritani yoonetsa kuti phindu lapezeka lochuluka bwanji ndipo lagawidwa motani basi, koma bilu ya msonkho imapita kwa anthuwo. Nde mukayamba ndi kudula msonkho musanagawe, chilichonse chapansipo chalakwika ngakhale masamuwo mutawachita bwino chotani.

Tiyambe ndi K14,000,000 ija chifukwa nayonso si nambala yogawa. Funso lanena kuti salale ya a Banda inachotsedwa kale, ndipo mawu amenewo olemba mayeso amawaika dala kuti aone ngati mukuwerenga kapena mukungothamangira manambala. Mwini bizinesi sangadzilembe yekha ntchito. A Banda akamatenga K300,000 mwezi ndi mwezi chifukwa ndi amene amakhala pa kauntala kuyambira m'mawa, imeneyo si ndalama yomwe bizinesi yawononga ngati malipiro a mnyamata wokweza simenti kapena a alonda, ndi gawo la phindu lomwelo lomwe anzawo anavomera kuti iwo azitapa koyamba. Choncho ibwezereni: K300,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi K3,600,000. Dipulisiyeshoni nayo ibwezereni, K1,200,000, poti imeneyo ndi yongoyerekeza ya akawuntanti kuti galimoto kapena mashelefu akutha mwakutimwakuti, a msonkho saivomera, iwo ali ndi mlingo wawo womwe ndi kapito alawansi ija. Ndiye muchotse K800,000 m'malo mwake.

K14,000,000 + K3,600,000 + K1,200,000 − K800,000 = K18,000,000

Imeneyi ndiye pulofiti yoti igawidwe pa nkhani ya msonkho. Funsolo likanati salaleyo sinachotsedwe simukanaibwezera, ndipo ndaona ambiri oti analoweza pamtima kuti salale timabwezera nthawi zonse, ndikuphatikiza ndalama yomwe inalimo kale, phindu ndikufufuma popanda chifukwa. Muziyang'ana kaye ngati chinthucho chinachotsedwadi musanachibweze. Intelesiti ya pa mpamba apa funso silinanene kuti inachotsedwa, nde isiyeni momwemo, siikhudza K18,000,000.

Tsopano tengani pepala mujambule mizere itatu yotsika pansi, wina mulembe Zonse, wina Phiri, wina Banda. Musamapange zamumtima kenako ndikungolemba yankho, wochonga amapereka malikisi pa sitepe iliyonse ndipo mukaphonya nambala imodzi koma njira ikuoneka mumatolabe kenakake.

Mzere woyamba wopingasa salale: K3,600,000 kwa a Banda, kwa a Phiri palibe. Wachiwiri intelesiti ya pa mpamba: a Phiri K2,000,000, a Banda K1,000,000, pamodzi K3,000,000. Ziwirizi zadya K6,600,000, ndipo mukachotsa pa K18,000,000 kwatsala K11,400,000. Apa pokha ndi pomwe 3:2 ikugwira ntchito, osati pa phindu lonse. Magawo ndi asanu, gawo limodzi ndi K2,280,000, a Phiri atatu K6,840,000, a Banda awiri K4,560,000.

Wonkhetsani mzere wa aliyense kutsika pansi. A Phiri: K2,000,000 ndi K6,840,000 zikupereka K8,840,000. A Banda: K3,600,000, K1,000,000 ndi K4,560,000 zikupereka K9,160,000. Musanapite patsogolo phatikizani ziwirizo, zikuyenera kubwerera pa K18,000,000 ndendende, ndipo zabwereradi. Zikakana ndiye kuti pena mwaiwala kuchotsa salale musanagawe kapena mwagawa ndi 6 m'malo mwa 5, cheke chimenechi sichitenga ndi mphindi imodzi yomwe koma anthu amachidumpha.

Mwaona kuti a Banda, a mpamba wochepa komanso a magawo awiri okha, ndi amene atuluka ndi zambiri? Ophunzira ena akafika apa amachita mantha nkuyamba kufufuta poganiza kuti alakwitsa. Sanalakwitse, salale ija ndi imene yawakweza.

Pa msonkho aliyense akwere makwerero ake kuyambira pansi. A Phiri ali ndi K8,840,000. K1,800,000 yoyamba palibe msonkho. K4,200,000 yotsatira pa 25 peresenti ndi K1,050,000, ndipo pofika apa takwana K6,000,000. Yotsala ndi K2,840,000, pa 30 peresenti ndi K852,000. Msonkho wa a Phiri K1,902,000. A Banda chimodzimodzi, zero, kenako K1,050,000, kenako yopitirira K6,000,000 ndi K3,160,000 yomwe pa 30 peresenti ikupereka K948,000, zonse K1,998,000. Awiriwo pamodzi K3,900,000.

Pamawu akuti yotsatira aja samalani. K4,200,000 si pomwe 25 peresenti ikuthera, ndi kukula kwa gawolo, nde malire ake ndi K1,800,000 kuphatikiza K4,200,000. Amene amachotsa K4,200,000 pa ndalama za a Phiri ndikuika 30 peresenti pa zonse zotsala amawalipiritsa msonkho pa ndalama ija boma linati ndi yaulere. Komanso tebulo la msonkho nthawi zina amalipereka la pamwezi ngati la PAYE, mukaona K150,000 pa zero dziwani kuti ndi K1,800,000 yomweyo ya pachaka, chulukitsani ndi 12 musanayambe. Ndipo gwiritsani tebulo lomwe lili pa pepala la mayesolo osati lomwe munaloweza, milingo imeneyi nduna ya zachuma imaisintha mu bajeti kawirikawiri, buku lomwe munabwereka kwa mnzanu wa ku Chirunga likhoza kukhala la chaka china.

Kuti muone kuti kuyamba ndi msonkho si nkhani ya dongosolo chabe, yesani kudula pa K18,000,000 yonse ngati ndi munthu mmodzi. Mupeza K1,050,000 kuphatikiza 30 peresenti ya K12,000,000 yomwe ndi K3,600,000, zonse K4,650,000. Kusiyana ndi yankho lolondola ndi K750,000 yathunthu. Yachokera kuti? Anthu ndi awiri nde gawo laulere lija likuyenera kuperekedwa kawiri, la 25 peresenti nalonso kawiri, koma njira yanu ija inapereka kamodzi kokha, munthu wachiwiri ndalama zake zonse zinagwera pa 30 peresenti. Inuyo pa K14,000,000 muyenera kuti munapeza K3,450,000, yomwe ikuoneka ngati yayandikira koma ndi zolakwika ziwiri zomwe zabisana, phindu locheperapo ndi msonkho wokwera.

Nanga K5,000,000 yomwe a Phiri anatapa? Imeneyo ndi nyambo. Siilowa pena paliponse m'masamu tachitawa. Msonkho umadulidwa pa gawo la phindu lomwe munthu wapeza, kaya walitapa kaya walisiya mu shopu. A Phiri akanatapa K500,000 yokha kapena osatapa ndi kobiri lomwe, msonkho wawo ukanakhalabe K1,902,000. Ndalama yotapayo malo ake ndi mu karenti akaunti ya patina, imachepetsa zomwe bizinesi ikumusungira basi. Ikanakhala ndi ntchito ngati pangano likanati wotapa azilipira intelesiti, pamenepo intelesitiyo mumaiphatikiza ku phindu logawa ndikuichotsa pa mzere wa wotapayo, koma funso lanu silinatchule zimenezo nde musazipeke.

Izi za kutapa ndi zomwe zimapweteka anthu ngakhale kunja kwa kalasi. Awiri atsegula hadiweya pa Chinamwali, chaka chayenda bwino, phindu lonse aligulira matumba a simenti ndi malata ena, aliyense kunyumba anangotenga ya ndiwo ndi fizi, nde akamva kuti ali ndi msonkho wa pafupifupi K2,000,000 aliyense amakana kuti ndalama imeneyo sanaigwire. Sanaigwiredi, ili pa shelefu, koma ndi phindu ndithu. Ine amene amabwera kwa ine ndimawauza kuti pangano lawo lizinena kuti aliyense aloledwa kutapa ndalama yokwanira msonkho wake, apo ayi mkangano umayamba pomwe wina akufuna kutapa kuti akalipire pamene mnzake akufuna kuoda katundu.

Funso lomweli limabwera litavala malaya osiyanasiyana. Nthawi zina gawo loyamba limangofuna kagawidwe ka phindu ka m'mabuku osati ka msonkho, pamenepo dipulisiyeshoni simuikhudza, mumangobwezera salale ndikupeza K17,600,000, zotsala K11,000,000, a Phiri K6,600,000 a Banda K4,400,000, ndipo masamu a kapito alawansi amabwera pa gawo lachiwiri. Nthawi zina amakuonjezerani kuti a Phiri ali ndi nyumba ya lendi ku Mpondabwino yomwe phindu lake ndi K1,200,000 pachaka. Imeneyo siilowa mu tebulo logawa, ndi ya a Phiri okha, mumaiphatikiza pa K8,840,000 mutamaliza kugawa ndikukwera makwerero kamodzi pa K10,040,000. Gawo laulere ndi limodzi pa munthu osati pa bizinesi iliyonse, nde lendi yonseyo igwera pa 30 peresenti, msonkho wawo ukwera ndi K360,000 kufika K2,262,000. Akakuuzani kuti ena anadulidwa kale ngati wifiholoding'i takisi kapena analipira kale pulovizhono takisi, zimenezo mumachotsa kumapeto kwenikweni pa msonkho, osati pa phindu.

Ndipo tsiku lina mudzapeza funso lomwe lapereka mipamba yosiyana koma osatchula pangano lililonse la kagawidwe. Musadzagawe potengera mpamba. Pomwe palibe pangano lamulo la patinashipu limati agawane mofanana, palibe salale palibe intelesiti ya pa mpamba, nde K18,000,000 ikanakhala K9,000,000 aliyense ndipo msonkho K1,950,000 aliyense. Yesani kuipeza nokha nambala imeneyo ndi tebulo lomwelo musanabwerere kwa aphunzitsi.