Amuna anga akufuna kusiyiratu kachasu Lamlungu lino, nditani?

"Zikomo. Ndikulemba kuchokera kumbali ya Makwasa. Amuna anga akhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka 9. M'mawa manja awo amanjenjemera mpaka atalawako pang'ono. Chaka chatha anakhala masiku awiri osamwa chifukwa ndalama zinatha, ndipo tsiku lachiwirilo anagwa pansi n'kumaphupha ngati wakhunyu. Apongozi anati ndi zoipa za anthu. Pano alonjeza kutchalitchi kuti akamwa Loweruka lino basi, Lamlungu asiyiratu. Ndasangalala koma mtima suli m'malo. Nditani?"

Mayi, chonde, asanafike Lamlungulo mupite nawo kuchipatala. Maganizo amene bambowa apanga ndi abwino ndipo musawabweze m'mbuyo ngakhale pang'ono. Koma malinga ndi zimene mwalemba, iwowa sali m'gulu la anthu amene angasiye mowa mwadzidzidzi ali pakhomo. Kusiya kotero kungathe kuwapha, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake kuti mukathe kufotokozera iwo, apongozi ndi abusa omwe.

Mowa umafooketsa ubongo, n'chifukwa chake woledzera amalankhula mokoka mawu, amadzandira, kenako n'kugona. Munthu akamamwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, ubongo umazolowera. Umachepetsa mphamvu yake yachibadwa yodzikhazika pansi, n'kuwonjezera ija yodzutsa mitsempha, kuti munthuyo azithabe kuyenda ndi kugwira ntchito mowa uli m'magazi. Zili ngati wakabaza amene akupalasa ndi mphamvu zake zonse mabuleki atagwira. Mabulekiwo akamasuka mwadzidzidzi iye akupalasabe chomwecho, njinga imathawa naye. Mowa umachoka m'thupi m'maola ochepa chabe, pamene ubongo umafuna masiku angapo kuti ubwerere mwakale. Ngozi yonse ili m'masiku amenewo.

Anthu ambiri amasokoneza zimenezi ndi matsire. Matsire amabwera kwa aliyense amene wamwa mopitirira dzulo lake, ndipo amanka nachepa pamene tsiku likupita. Koma zizindikiro za kusowa kwa mowa m'thupi zimanka zikukula. Munthu amene manja amasiya kunjenjemera akangolawako, sakuchotsa matsire ayi. Usiku umodzi wosamwa wakwana kale kuti thupi lake liyambe kuvutika ndi kusowa kwa mowa.

Tiyeni tiwerenge maola monga mmene zingakhalire ndi bambowa. Tinene kuti amaliza kumwa cha m'ma 9 koloko usiku wa Loweruka. Zizindikiro zoyamba zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24, ndiye kuti pofika nthawi ya mapemphero Lamlungu m'mawa adzakhala akunjenjemera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira, mtima ukugunda mofulumira, ali ndi nseru, mwinanso akusanza. Adzakhala osakhazikika, okwiya msanga, ndipo usiku tulo sadzatiwona. Anthu ambiri amathera pomwepa, amavutika masiku atatu kapena anayi kenako n'kupeza bwino. N'chifukwa chake mumamva wina akuti "ine ndinangosiya ndekha, palibe chinachitika." Akunena zoona, koma thupi lake si la amuna anu.

Kuyambira Lamlungu lomwelo mpaka Lolemba usiku, kutanthauza maola 48 oyambirira, ndi nthawi imene kugwa kuja kumakonda kuchitika. Munthu amauma thupi lonse, n'kuyamba kuphupha, amatha kudziluma lilime kapena kudzikodzera. Nthawi zina kumabwereza kawiri kapena katatu m'maola ochepa. Zimene munaona chaka chatha zikugwirizana ndendende ndi nthawi imeneyi. Ndikudziwa kuti ndi zovuta kutsutsana ndi apongozi, ndipo sindikunena kuti mukayambane nawo. Mungowafunsa mwaulemu kuti akumbukire kuti mwana wawo anali atakhala maola angati osamwa tsiku limenelo. Pa zonse zimene mwalemba, kugwa kumeneku ndi kumene kwandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa munthu amene anagwapo kamodzi posiya mowa amakhala pachiopsezo chachikulu choti agwenso. Komanso munthu akamasiya n'kuyambiranso, kusiya n'kuyambiranso, ulendo uliwonse wotsatira umakonda kukhala woopsa kuposa wapitawo.

M'maola omwewa ena amayamba kuona kapena kumva zinthu zomwe palibe, monga tizilombo tikuyenda pakhoma kapena pakhungu, kapena anthu akuwaitana kunja. Pa nthawiyi amakhala akudziwabe kuti ali kunyumba kwawo ndipo inu ndinu akazi awo.

Choopsa kwambiri chimabwera mochedwa, ndipo n'chifukwa chake chimapusitsa mabanja. Pakatha maola 48 mpaka 96, ndiye kuti kuyambira Lolemba usiku mpaka Lachitatu, pamene aliyense akuganiza kuti zovuta zadutsa, ena amasokonezeka mutu kotheratu. Achipatala amati diliriyamu tiremenzi. Munthu sadziwanso komwe ali, sazindikira ana ake, amabwebweta, amachita mantha aakulu n'kumafuna kuthawa, ndipo zimakula kwambiri usiku. Thupi limatentha, thukuta silileka, mtima umathamanga, magazi amakwera. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, kutentha kopitirira muyeso, kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima, kapena chibayo chobwera masanzi akalowa m'mapapo. Zimagwira anthu ochepa, pafupifupi mmodzi mwa anthu 20 amene akudwala chifukwa chosiya mowa, koma amene anagwapo kale ndi amene zimawapeza kawirikawiri. Munthu wotere akalandira thandizo msanga nthawi zambiri amachira. Akatsekeredwa m'chipinda kapena kumangidwa ndi zingwe kuti "misala" ithe, akhoza kufa.

Pano ndilankhulenso za kutchalitchi. Mapemphero apitirire, ndipo anthu amene amulimbikitsa kusiya achita bwino. Koma akayamba kubwebweta Lachiwiri usiku, musadikire kuti kuche anthu akupemphera. Apemphere ali pa ulendo wa kuchipatala. Palinso chifukwa china chimene simuyenera kudikira: malungo okwera m'mutu, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'magazi, ndiponso kukha magazi mkati mwa mutu munthu atagwa ataledzera, zonsezi zimaoneka chimodzimodzi ndi maso. Kunyumba simungathe kuzisiyanitsa.

Ndiye mutani sabata ino? Muli pafupi ndi chipatala cha Malamulo, ndipo chipatala cha boma cha Thyolo chiliponso. Pitani limodzi, m'mawa, pakati pa sabata. Kwa dokotala mukanene zoona zokhazokha: amamwa chiyani, mabotolo angati patsiku, kwa zaka zingati, amayamba nthawi yanji, anamwa komaliza liti, ndipo koposa zonse munene za kugwa kwa chaka chatha. Abambo ambiri amachepetsa chiwerengero chifukwa cha manyazi, "ndimangolawa pang'ono," ndipo dokotala amayeza mankhwala potengera zimene wauzidwa. Inu mukhalepo kuti muthandize kukumbutsa, osati kuwachititsa manyazi. Munenenso ngati akumwa mankhwala ena alionse, a TB, ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, komanso ngati maso anayamba achitapo chikasu kapena mimba kutupa, chifukwa chiwindi chikakhala chofooka mlingo wa mankhwala umasintha.

Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi dayazipamu. Amagwira ubongo pamalo ofanana ndi pamene mowa umagwira, choncho amalowa m'malo mwake kwa kanthawi. Amayamba ndi mlingo wokwanira kuletsa kunjenjemera, kenako amachepetsa tsiku ndi tsiku kwa masiku pafupifupi 5 mpaka 7, kuti ubongo uzolowerenso pang'onopang'ono. Kwa munthu amene anagwapo kale, njira yotetezeka ndi yoti agonekedwe m'chipatala masiku oyambirirawo, ndiye konzekani zokhala gadiyani. Musagule mapiritsi amenewa pamsika kapena kupempha kwa mnzanu. Akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma, ndipo nawonso munthu amatha kuwazolowera ngati mowa.

Chachiwiri chimene ndikufuna mukachifunse ndi vitamini B1, imene amaitcha thayamini. Anthu omwa kachasu kwambiri sadya mokwanira, ndipo mowa umalepheretsa matumbo kutenga vitaminiyi. Ikasowa, ubongo umawonongeka: munthu amasokonezeka, amadzandira ngakhale asanamwe, maso amagwedezeka okha kapena amaona zinthu ziwiriziwiri. Zikachedwa kuthandizidwa amatha kutsala ndi vuto loiwala zinthu zatsopano moyo wake wonse. N'chifukwa chake achipatala amapereka thayamini pamodzi ndi dilipi ya shuga kapena asanaiike, poti shuga yekha amamaliza kochepa kamene katsala m'thupi.

Tsopano mawu amene mwina akudabwitsani, ndipo sindikuwanena mopepuka. Kufikira tsiku loonana ndi dokotala, musawatayire kachasu ndipo musawatsekere m'nyumba. Asawonjezere, asamwe kuti aledzere, koma asadule kamodzin'kamodzi. Adye nsima kapena phala asanamwe, amwe madzi ambiri. Anthu ena amene sanagwepo amatha kuchepetsa mowa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, koma ndi kachasu zimavuta chifukwa ukali wake umasiyana botolo ndi botolo, lamutu silifanana ndi lomalizira, ndipo munthu amene mowa unamugwira sachedwa kupitirira muyeso umene anadziikira. Kwa amuna anu njira imeneyi ndi yongodikirira masiku awiri kapena atatu kuti mufike kuchipatala, si chithandizo. Ngati Lamlungu lifika musanaonane ndi dokotala, kafotokozereni abusa kuti lonjezo silinasweke, tsiku lokha ndi limene lasuntha.

Zikachitika kuti asiya okha osakuuzani ndipo agwa, achotseni pafupi ndi moto, mbaula kapena madzi, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, ndipo kuphupha kukatha agonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke. Musaike supuni kapena chala m'kamwa, musawapanikize pansi, ndipo musawamwetse chilichonse, ngakhale mowa, asanatsitsimuke bwinobwino. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, pitani nawo tsiku lomwelo, chifukwa kugwa kumeneku kumatha kutsogolera kusokonezeka mutu kuja. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, ndi ngozi yofuna kuthamanga nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso akayamba kusazindikira anthu, kuona zinthu zomwe palibe, kutentha thupi, kusanza kosalekeza kapena kusanza magazi.

Lero lomwe gwirizanani ndi munthu wa galimoto amene angadzuke usiku mutamuimbira, chifukwa munthu wosokonezeka kapena amene angagwe nthawi iliyonse sangakwere njinga yamoto bwinobwino m'misewu ya m'minda ya tiyi. Sungani nambala yake ndi ndalama ya mafuta pamalo amene inu nokha mukudziwa, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Uzaninso mchimwene wawo kapena amalume awo mmodzi amene amawamvera, kuti pa masiku anayi oyambirirawo musakhale nokha ndi ana.