Manambala a masatifiketi pa CV ya namwino

"Azakhali, ndikufunsira ntchito ya unamwino ku bungwe lina. Pa CV ndingolemba mayina a masatifiketi basi, kapena ndiikenso manambala ndi masiku ake othera?"

Ee mwanangu, ndamva. Ika zonse, usasiye ayi. Wosankha anthu uja amakhala ndi mulu wa makalata patebulo, ndiye akaona kuti zako n'zofunika kuyamba wakuimbira foni kuti adziwe nambala, amangodumpha n'kutenga za mnzako.

Uyambe ndi ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda imeneyo sangakulole kugwira wodwala. Pamenepa ndi pamene ambiri amasokoneza. Amatenga nambala ya pa dipuloma ya kukoleji, ena mpaka ya pa lisiti yolipirira, n'kulemba ngati ndiyo yawo. Ayi. Yofunika ndi nambala imene khonsolo inakulembetsa nayo m'kaundula wake, poti akafunsa kumeneko adzakufufuza ndi imeneyo. Kenako ulembe kuti laisensi yako yogwirira ntchito ikutha liti, paja imakonzedwanso chaka ndi chaka. Ukopere pa pepala lenilenilo, osati za m'mutu, nambala imodzi ikaphonyeka zimaoneka ngati wanama.

Satifiketi iliyonse ikhale pa mzere wakewake: dzina lake lonse, amene anaipereka, nambala, mwezi ndi chaka chimene unailandira, ndi pamene ikutha. Titenge ija ya Basic Life Support. Ngati ili ya American Heart Association, imagwira ntchito zaka ziwiri. Tinene kuti unachita mu Malichi 2024, ndiye kuti mapeto ake ndi kutha kwa Malichi 2026. Pa khadi lake pali nambala yolembedwa kuti eCard Code, ndiyo amailowetsa pa intaneti n'kuona dzina lako pompopompo. Ikakhala kuti inatha, lemba poyera kuti inatha mwezi wakutiwakuti. Usachotse tsikulo pofuna kubisa, amene amadziwa ntchitoyi amangowerengera okha zaka ziwirizo, ndipo akakugwira pa chimodzi amayamba kukayikira zonse. Dipuloma yako siitha mphamvu, imeneyo ungoika chaka chomaliza sukulu ku gawo la maphunziro.

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi dzina. Mapepala ako onse ali m'dzina la bambo ako, koma pano ukulemba la kwa amuna ako. Akalowetsa nambala n'kutuluka dzina lina, sadzakufunsa chifukwa chake. Ndiye pamwamba pa gawolo uike kamzere konena kuti masatifiketiwa ali m'dzina lakutilakuti.

Koma nambala ya chiphaso cha unzika kapena ya pasipoti usaike pa CV, imayenda m'manja mwa anthu ambiri, akaifuna adzakupempha padera. Ukamaliza unditumizire kumbali, osati m'gulu muno, pamodzi ndi zithunzi za mapepalawo, ndifananitse manambala usanatumize.