Matuza atuluka mbali imodzi ya nthiti: musadikire Lolemba

"Amuna anga, a zaka 41, anayamba kumva kuwotcha m'nthiti chakumanzere Lolemba, pakhungu popanda kanthu. Dzulo Lachinayi madzulo patuluka timatuza tondondozana kuchokera kumsana mpaka pansi pa bere. Akuti ngakhale malaya akuwapweteka. Apongozi akuti timatuzati tikakumana mbali zonse munthu amamwalira. Tidikire kaye tione?"

Mayi, musadikire. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi mashingozi, ndipo mankhwala ake amagwira bwino ntchito akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukireni matuza. Anatuluka Lachinayi madzulo, ndiye kuti nthawi yanu ikutha Lamlungu madzulo. Mukati tipita Lolemba mwachedwa. Pitani nawo kuchipatala lero lomwe kuti akawaone ndi maso.

Kachilombo koyambitsa mashingozi ndi komwe kaja ka katsabola. Mwana akachira katsabola, kachilomboka sikachoka m'thupi, kamakabisala m'mizu ya minyewa pafupi ndi fupa la msana, n'kukhala duu zaka zambirimbiri. Chitetezo cha m'thupi chikatsika kamadzuka, n'kuyenda motsata mnyewa umodzi mpaka kukafika pakhungu. N'chifukwa chake ululu umayamba masiku awiri, atatu, mwina asanu, pakhungu pasanaoneke kalikonse. Anthu ambiri amataya masiku amenewa akumwa mankhwala a chibayo kapena kusisita msana.

Mnyewa uliwonse umatumikira mbali imodzi yokha ya thupi. Umachoka kumsana, n'kutsata nthiti, n'kuthera pakati pa chifuwa. Mukayang'anitsitsa muona kuti matuzawo ali m'timagulu pamwamba pa khungu lofiira kapena lakuda kuposa lina, ndipo alekezera pakati penipeni ngati munthu wachita kulemba malire. Choncho apongozi akhazike mtima pansi, mashingozi wamba sazungulira thupi. Koma matuza akaoneka mbali zonse ziwiri kapena akamwazika thupi lonse, chimenecho ndi chizindikiro choti chitetezo chatsika kwambiri, ndipo munthu ayenera kuonedwa msangamsanga.

Mankhwala amene amapezeka kwambiri ndi asayikolovira. Munthu wamkulu amamwa mamiligalamu 800 kasanu pa tsiku kwa masiku 7. Kasanu n'kovuta kukumbukira, ndiye lembani papepala: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, 10 koloko usiku. Onani mphamvu ya mapiritsi pakathumba. Ngati ndi a 400 amwe awiri nthawi iliyonse, ngati ndi a 200 amwe anayi. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa, amamwa piritsi limodzi la 200 n'kumati mankhwala sakugwira. Azimwa madzi ambiri, ndipo ngati ali ndi vuto la impso auzeni adokotala, chifukwa mlingo umasintha. Maola 72 akadutsa koma matuza atsopano akutulukabe, pitanibe, amatha kupatsidwa ndithu.

Musayembekezere kuti mawa adzuka bwino. Matuza atsopano amatha kutuluka kwa masiku 3 mpaka 5, amauma n'kuchita nkhanambo pakatha masiku 7 mpaka 10, ndipo khungu limapola pakatha masabata awiri mpaka anayi. Musawaboole, musapakepo phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo, ikanipo kansalu konyowa kozizira, avale malaya otakasuka. Panado amathandizako, koma ngati sakugona ndi ululu anene, alipo mankhwala a ululu wa minyewa monga amitiriputilini. Pakayamba mafinya, kutupa kofalikira kapena thupi kutentha kwambiri, bwererani. Mashingozi a pachipumi, pamphuno kapena pafupi ndi diso ndi nkhani ya tsiku lomwelo, chifukwa amatha kuwononga diso.

Tsopano nkhani imene ambiri amaizemba. Mashingozi amakonda anthu opitirira zaka 50, odwala khansa, ndi amene akumwa mankhwala otsitsa chitetezo. Akagwira munthu wa zaka 41, achipatala amamupempha kuyezetsa magazi, chifukwa nthawi zambiri amakhala chizindikiro choyamba cha kachilombo koyambitsa Edzi, munthu akadali wamphamvu zake. Sindikunena kuti amuna anu ali nako, ayi. Alipo ambiri amene amadwala mashingozi koma alibe. Komabe ine ndikuona kuti ndi bwino muyezetse nonse awiri pa ulendo womwewu, poti zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo ndipo mankhwala otalikitsa moyo alipo.

Inuyo simungatenge mashingozi kwa iwo. Koma madzi a m'matuza angapatsire katsabola munthu amene sanadwalepo. Mpaka matuza onse atauma, aziphimba pamalopo, akhale ndi chopukutira chawochawo, ndipo asanyamule khanda kapena kuyandikana ndi mayi woyembekezera amene sanadwalepo katsabola.