Kalata yopempha kampani kuti ithandize bonanza: musalembe kuti "thandizo lililonse"

"Zikomo achimwene, ndine mlembi wa kalabu ya achinyamata kuno ku Chinamwali. Tikukonza bonanza ya mpira wa miyendo ndi wa manja mu Ogasiti ana akatsekera sukulu, ndiye anzanga andipatsa ntchito yolemba kalata ku kampani ina m'tauni muno kuti itithandize. Chaka chatha tinalemba makalata asanu koma palibe olo mmodzi anayankha. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, makalata anu a chaka chatha sindinawaone koma ndikhoza kubetcha kuti penapake munali mawu akuti "tikupempha thandizo lililonse lomwe mungakwanitse". Inenso ndinalembapo zomwezo nthawi ina ndili mu komiti ya kwathu ku Matawale, tinadikira mwezi wathunthu, tsiku lopita kukafunsa manijala anatulutsa kalata yathu pansi pa mafayilo nkundifunsa kuti kodi kwenikweni mukufuna chani, ndalama, mipira kapena madzi? Ndinangoti kukamwa yasa. Munthu uja sanali woipa mtima, kungoti kalata yosatchula chinthu ndi mtengo wake ilibe poti munthu nkusainapo.

Ndiye musanagwire cholembera khalani pansi ndi msungichuma mupange bajeti. Ndipereke chitsanzo, manambalawa ndi ongoyerekeza, inu mukafunse mitengo yeniyeni kumsika sabata yomwe mukulembayo chifukwa zinthu zikukwera daily ngati madzi a Likangala nthawi ya dzinja. Tinene kuti mipira inayi ya miyendo ndi iwiri ya manja ikukwana K250,000, oyimbira masewero K120,000, kubwereka zimkuzamawu masiku awiri K100,000, mphotho K400,000, madzi akumwa ndi laimu wolembera bwalo K80,000. Zonse pamodzi K950,000. Matimu 12 akulipira K15,000 iliyonse yolowera, ndiye K180,000, kalabu yasonkha K70,000, muli kale ndi K250,000 m'manja. Yotsala ndi K700,000.

K700,000 imeneyi musaisenzetse kampani imodzi. Iduleni. Wa hadiweya kapena shopu yaikulu mumupemphe mipira, ndipo munene kuti akhoza kugula yekha nkukupatsani, anthu a bizinesi ambiri amamasuka kupereka katundu kusiyana ndi kashi poti amaopa kuti ndalama ithera m'matumba a komiti (tisanamizane, zimachitika). Kampani yaikuluyo muipemphe mphotho basi, chifukwa mphotho ndiye imaperekedwa pamaso pa anthu ndipo bwana amajambulitsa akupereka.

Chinanso chomwe ife a ku Zomba timaiwala, mabanki ndi makampani a mafoni omwe mumawaona m'tauni muno ndi nthambi chabe, malikulu awo ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Manijala wa kuno nthawi zambiri sangavomereze ndalama payekha, amangolembapo ndemanga nkutumiza kwa oona zotsatsa malonda. Ndiye pitani kaye mukafunse pa kauntala kuti kalata yotere imalembedwa kwa ndani, ndipo ipite kutatsala masabata asanu ndi limodzi kapena miyezi iwiri. Ikapita kutatsala sabata imodzi ndiye mwangotaya pepala. Bizinesi yomwe mwini wake amakhala pompano ndi yosiyana, iyeyo akhoza kuyankha tsiku lomwelo.

Pa kalatayo, pamwamba kumanja mulembe adiresi ya kalabu ndi deti, m'munsi kumanzere udindo wa wolandira ndi adiresi ya kampani. Thupi lake likhale chonchi:

Okondedwa Bwana,

PEMPHO LA K400,000 YA MPHOTHO ZA BONANZA YA ACHINYAMATA KU CHINAMWALI

Ndikulemba m'malo mwa kalabu yathu ya achinyamata kupempha kampani yanu kuti ilipire mphotho za bonanza ya mpira wa miyendo ndi wa manja yomwe idzachitike Loweruka pa 16 ndi Lamulungu pa 17 Ogasiti kuno ku Chinamwali. Mphothozi zikukwana K400,000.

Matimu asanu ndi atatu a anyamata ndi anayi a atsikana alembetsa kale. Chilolezo cha bwalo tatenga, ndipo amfumu ndi akhansala a dera lino akudziwa za mwambowu. Bajeti yonse ndi K950,000, pa ndalamayi tasonkha tokha K250,000 ndipo zina tikupempha kwa ena monga momwe pepala lomwe taphatikiza likuonetsera.

Mukatithandiza, bonanzayi idzatchedwa dzina la kampani yanu, mudzaika mabana anu pabwalo, tidzakupatsani malo oti mukhome tenti yotsatsira malonda, ndipo nthumwi yanu ndi yomwe idzapereke mphotho. Pasanathe masabata awiri mwambo utatha tidzakutumizirani lipoti, malisiti ndi zithunzi.

Tingakondwe kumva yankho lanu pofika pa 25 Julayi.

Ine wanu mokhulupirika,

kenako siginecha, dzina lonse, udindo ndi nambala ya foni, wapampando asainenso pambali.

Mwaona kuti ndalama ili pa mutu penipeni eti? Ndadala. Bwana amene ali ndi makalata makumi awiri pa tebulo amawerenga mutu ndi ndime yoyamba, akapanda kupeza chomwe mukufuna amaika pambali. Mbiri yoti kalabu inayamba liti, mavuto a achinyamata, umphawi, mimba zosayembekezera, zonsezo akuzidziwa kale, mukafuna chiganizo chimodzi chikwanira. Tsamba limodzi basi, bajeti ikhale pa pepala lachiwiri.

Ndime ya zomwe kampani ipindule ija musalonjeze zomwe simungathe. Ngati chaka chatha kunabwera anthu ngati 300 lembani 300, osati masauzande, chifukwa akadzabwera nkupeza ana ochepa atakhala pa njerwa chaka chamawa sadzakuyankhaninso. Komanso dzina la bonanza limapita kwa mmodzi. Musalonjeze dzina lomwelo kwa makampani awiri ogulitsa zofanana, onse atavomera mudzasowa pothawira.

Za chilankhulo, kwa mwini shopu wa konkuno Chichewa chili bwinobwino. Ikakhala yopita ku likulu itembenuzeni mu Chingerezi koma mfundo zikhale zomwezi, ndipo mupeze mphunzitsi aiwerenge kaye. Itayipidwe, osalemba pamanja.

Pa nkhani ya kolandirira ndalama mpamene ambiri amagwera. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi pa kalata yopita ku kampani imaoneka ngati ya akamberembere. Ngati kalabu ili ndi akaunti ya kubanki yosaina anthu awiri kapena atatu ikani imeneyo. Ngati mulibe, nenani poyera kuti kampani ikhoza kugula zikho yokha kapena kudzapereka maenvulopu kwa opambana pa tsikulo, ndalama osadutsa m'manja mwanu. Chidindo cha amfumu kapena kakalata ka ku ofesi ya achinyamata ya boma kamathandizanso kuonetsa kuti gululi lilipodi.

Kalatayo mukapereke pamanja, mupite awiri, mutavala bwino, ndipo mutenge fotokope yake kuti amene walandira asainepo ndi kulemba deti. Mufunse dzina lake. Pakatha sabata imbani kapena mudutseko, mukamva kuti "yapita ku likulu" ndiye kuti ikuyenda, funsani kuti mubwerenso liti. Mukamva kuti "abwana sanaione" kawiri konse, musadikire 25 Julayi, itayipeninso kalatayo musinthe adiresi mupite nayo kwina, ndipo matimu muwauziretu kuti mphotho zikhoza kutsika.