Kanema mmodzi, masikirini atatu: momwe mungajambulire kuti chofunika chisaduke

*A Phungu, ndikuphunzira kujambula makanema ndipo ndili pamaphunziro a pantchito kubungwe lina la zaulimi. Ndinajambula kanema wa mphindi imodzi wosonyeza kadzalidwe ka chimanga, koma tsopano akufuna akhale wa pa YouTube, wa pa Facebook komanso wa pa WhatsApp Status. Nditamudula kuti aimirire, nkhope za mlangizi ndi mlimi zaduka pakati, kamtengo koyezera sikakuonekanso, ndipo chithunzi chafooka. Kodi ndalakwitsa pati, nanga ndijambulenso bwanji?*
*Wophunzira, Lilongwe*

Vuto lanu linayambira papepala, musanafike n'komwe kumunda, ndipo masamu ochepa akuonetsani chifukwa chake. Kanema wogona wa 16:9 amene mafoni ambiri amajambula amakhala ndi mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 msinkhu. Mukafuna kutulutsamo woimirira wa 9:16, msinkhu umakhala womwewo wa 1080, koma m'lifupi mumangotsala mapikiselo 608, kutanthauza kuti zimene zimapulumuka sizikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi chonse. Wa sikweya, wa 1:1, amasunga 1080 mwa 1920, zomwe ndi kupitirira theka pang'ono, n'chifukwa chake iye savuta kwambiri.

Tsopano taonani pamene anthu anu anaima. M'kalasi munaphunzitsidwa kugawa chithunzi patatu n'kuika munthu pamzere wogawirawo, ndipo ndikukhulupirira kuti munatsatira bwino lomwe. Mizere iwiri imeneyo imagwera pa pikiselo 640 ndi 1280, pamene chidutswa choimirira chotengedwa pakati chimayambira pa 656 n'kukathera pa 1264. Ndiye kuti mpeni ukudutsa pafupifupi pamphuno pa mlangizi ndi pamphuno pa mlimi. Lamulo limene munaphunzira ndi labwino pa kanema wogona yekha, koma likakhala kuti chithunzi chomwecho chidzaimitsidwa, limakuikirani anthu pamalo oipitsitsa. Kufooka kwa chithunzi nako kuli ndi gwero lomweli, pakuti kachidutswa ka 608 kaja kamayenera kukokedwa kuti kadzaze 1080 ndi 1920, ndipo kukula kwake kumayandikira kuwirikiza kawiri popanda chatsopano chilichonse chowonjezeredwa.

Choyamba chimene ndikufuna muchite ndi kubwerera kusikiripiti yanu n'kuwonjezera danga limodzi pambali pa shoti iliyonse, momwe mulembe chinthu chimodzi chokha chimene woonera sayenera kuchiphonya. Ndikunena chimodzi mwadala. Pa shoti imene mlangizi akuyeza masentimita 25 pakati pa phando ndi phando, chinthucho ndi kamtengo koyezera pamodzi ndi mapando awiriwo, osati nkhope yake. Pa shoti imene mlimi akuponya mbewu imodzi paphando, chinthucho ndi dzanja ndi njere. Mukapeza kuti pa shoti ina mwalemba zinthu ziwiri zotalikirana, monga nkhope ya wofunsa ndi nkhope ya woyankha, dziwani kuti imeneyo ndi mashoti awiri amene abisala mu imodzi, ndipo igaweni pomwepo pepala lisanachoke patebulo. Mawu a wofotokoza muwayang'anenso: chiganizo chonga chakuti "onani kumanzereku" chidzakhala chabodza pamene kumanzereko kwadulidwa, choncho ndi bwino kutchula chinthucho ndi dzina lake, kuti "onani mzere wachiwiri".

Pojambulanso, ngati foni kapena kamera yanu ikulola, sankhani 4K, amene ndi mapikiselo 3840 ndi 2160. Chidutswa choimirira chochokera pamenepo chimakhala cha 1215 ndi 2160, chokulirapo kuposa 1080 ndi 1920 amene mukufuna, ndiye kuti mukhala mukuchepetsa chithunzi m'malo mochikoka. Musanayambe, yezani sikirini ya kamerayo n'kumata timizere tiwiri ta tepi toimirira tosiya pakati mpata wochepera pang'ono pa gawo limodzi mwa atatu, ndi tina tiwiri kunja kwake tosonyeza malire a sikweya. Makamera ena ali ndi mizere yotereyi m'makonzedwe ake, koma tepi imagwira ntchito pa chipangizo chilichonse. Chinthu chija munalemba m'danga chiyenera kukhala mkati mwa timizere tiwiri tapakati kuyambira poyamba pa shoti kufikira pamapeto, ndipo zakumbali zikhale zokometsera chabe, monga munda, mitengo ndi khasu lotsamira pachitsa, zimene zikaduka palibe amene angadandaule.

Tiyeni titenge shoti yovuta kwambiri mu kanema wanuyo, yosonyeza masentimita 75 pakati pa mzere ndi mzere. Muyeso umenewu ndi wopingasa mwachibadwa, choncho umalimbana ndi sikirini yoimirira. Kamtengoko pamodzi ndi mpata pang'ono uku ndi uku kakufuna malo okwana mita imodzi, ndipo kuti mita imodziyo ikwane m'chigawo chapakati, chithunzi chonse chiyenera kutenga pafupifupi mamita 3.2 m'lifupi pamalo pamene pali kamtengopo. Bwererani m'mbuyo ndi kamera mpaka zitatero. Mudzaona ngati kamtengoko kachepa kwambiri pa kanema wogona, koma musade nkhawa, chifukwa kuchokera mu 4K mungathe kudula pakati chidutswa cha 1920 ndi 1080 popanda chithunzi kufooka, ndipo chidutswacho chidzaonetsa pafupifupi mamita 1.6. Shoti imodzi yakupatsani kanema woimirira woonetsa mita imodzi, wogona woonetsa kupitirira mita ndi theka, ndi wa sikweya amene mungamudule pakati pa awiriwa.

Shoti ya masentimita 25 ili ndi njira yosavuta kuposa pamenepa, ndipo ine ndimaikonda chifukwa simadalira kamera yokwera mtengo. M'malo moima pambali pa mzere kuti mapando ayalane kuchokera kumanzere kupita kumanja, imani kumutu kwa mzerewo n'kuloza kamera motsatira mzere, mwakwezako pang'ono. Mapando adzandandalika kuchokera pansi pa chithunzi kukwera m'mwamba, ndipo onse adzakhala pakati. Chimodzimodzinso anthu awiri aja: mlimi agwade pafupi ndi kamera akudzala, mlangizi aime kumbuyo kwake chapambali pang'ono, kuti akhale wina patsogolo wina pambuyo osati phewa ndi phewa. Pamene akukambirana, jambulani aliyense payekha ali pakati, ndipo polumikiza muzisinthana nawo malinga ndi amene akuyankhula. Shoti ya onse awiri ataima motalikirana muijambule ndithu, koma mudziwe kuti ndi ya kanema wogona ndi wa sikweya basi.

Pali chinthu china chimene ophunzira ambiri amachizindikira kanema atatuluka kale. Sikirini yoimirira si yanu yonse. Pa TikTok, pa Reels ndi pa Shorts, dzina la mwini kanema ndi mawu ofotokozera zimaphimba chakumunsi, mabatani amandandalika kudzanja lamanja, ndipo ngakhale pa Status pamwamba pamakhala dzina ndi kamzere kosonyeza nthawi. Malo enieni a zinthu zimenezi amasinthasintha, choncho njira yodalirika ndi kuika chofunika chapakati pa msinkhu, kenaka n'kukweza kanemayo mwachinsinsi kuti mumuone pafoni yeniyeni musanamupereke. Dzanja loponya mbewu likakhala pansi penipeni pa chithunzi, lidzabisika kuseri kwa zolembazo ngakhale kuti simunalidule.

Pa chifukwa chomwechi, musamatirire zolemba pa kanema woyamba. Tulutsani kaye kanema woyera, wopanda mawu olembedwa, manambala kapena chizindikiro cha bungwe, ndipo zimenezi muziike padera pa mtundu uliwonse. Chiganizo chimene chimakwana mzere umodzi pa kanema wogona chimafuna mizere iwiri kapena itatu pa woimirira, makamaka m'Chichewa momwe liwu limodzi longa "musadzalenso" limatenga malo ambiri. Nambala ya 75 iyenera kukhala pafupi ndi kamtengo pa mitundu yonse itatu, ndipo zimenezi sizingatheke ngati inaumira kale pakona ya chithunzi chogona.

Polumikiza, kaya mukugwiritsa ntchito DaVinci Resolve, Premiere Pro kapena CapCut, malizani kaye kanema wogona mpaka abwana anu avomereze nkhani yake ndi mawu ake, kenaka mukopere ntchitoyo kawiri n'kusintha kukula kwake kukhala 1080 ndi 1920, ndi 1080 ndi 1080. Mukayamba kudula mitundu itatu nkhani isanavomerezedwe, kusintha kulikonse mudzakuchita katatu. Pitani shoti ndi shoti mukusuntha `Position` ndi `Scale` kapena `Zoom` mpaka chinthu cha m'danga chija chikhale pamalo ake. Ngati shoti yonse inajambulidwa bwino pakati, lamulo ili la ffmpeg, pulogalamu yosinthira makanema polemba malamulo pakompyuta, limadula woimirira kuchokera mu 4K nthawi imodzi:

```
ffmpeg -i chimanga_4k.mp4 -vf "crop=1216:2160:1312:0,scale=1080:1920" -c:a copy woimirira.mp4
```

Nambala ya 1312 ndi mtunda wochokera kumphepete kwa kumanzere, ndipo mukaichepetsa kapena kuiwonjezera, zenera lodulira limasunthira kumanzere kapena kumanja. Ndalemba 1216 m'malo mwa 1215 chifukwa makanema otere amayenda bwino ndi manambala ogawika pawiri.

Ngati chipangizo chanu sichijambula 4K, kapena chikutentha ndi kudzaza msanga, musakakamire. Jambulani mashoti atatu kapena anayi ofunikitsitsa kawiri, koyamba foni itagona, kachiwiri itaimirira, muli pomwepo dzuwa lisanasunthe. Zimenezi zimawonjezera mphindi zochepa kumunda koma zimapulumutsa tsiku lathunthu pakompyuta. Ndipo ngati bungwelo silingakupatseninso galimoto yobwerera kumunda, kanema amene muli nayeyo angathandizike pang'ono. Pa zokambirana, sunthirani zenera kwa amene akuyankhula, n'kudula kupita kwa mnzake akayamba kuyankha. Pa shoti ya kamtengo, ikani chithunzi chonse chogona pakati pa sikirini yoimirira, momwe chidzatenga mapikiselo 608 okha mwa 1920 a msinkhu, ndipo malo otsala pamwamba mulembepo muyesowo ndi zilembo zazikulu. Njira imeneyi ndi ya shoti imodzi kapena ziwiri, chifukwa mlimi woonera pafoni yaing'ono sangaone njere ya chimanga m'kachithunzi kotero kwa mphindi yathunthu.

Mukadzamaliza, sungani mitundu itatuyo pamodzi ndi tsamba la sikiripiti lokhala ndi danga lija, ndipo mudzazionetse limodzi pofunsira ntchito, pakuti wolemba ntchito wodziwa makanema adzaona kuti munalingalira masikirini onse musanajambule. Mukadzayamba kulandira maoda panokha, mufunse kasitomala pa tsiku loyamba kumene kanemayo akaonetsedwe, ndipo mtengo wa kudula mitundu iwiri yowonjezerayo muulembe pamzere wakewake m'kalata ya mitengo.