Kwacha inagwa pakati pa deta yanga, ndigawe pawiri?

"Ndine wa chaka chomaliza ku Chanco. Ndikuona mmene mtengo wa dola umakhudzira mitengo ya zinthu, deta ya mwezi ndi mwezi kuyambira 2008 mpaka 2016. Asupavaiza akuti ndiyese ngati kugwa kwa kwacha kwa 2012 kunathyola ubale umenewu. Ndiyambire pati?"

Achimwene, muli ndi mwayi chifukwa tsiku mukulidziwa. Pa 7 Meyi 2012, boma la Joyce Banda litangolowa, kwacha inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, ndipo inasiyidwa kuti iziyendera msika. Tsiku likadziwikiratu chonchi, mumayambira pa mayeso a Chow, amene Gregory Chow anawasindikiza mu 1960.

Muthamangitsa rigiresheni imodzimodziyo katatu: pa miyezi yonse 108, pa miyezi 52 ya Januwale 2008 mpaka Epulo 2012, kenako pa miyezi 56 yotsalayo. Paliponse lembani RSS, chiwonkhetso cha masikweya a zotsalira zimene mzere walephera kufotokoza. Funso ndi lakuti: mizere iwiri yachepetsa zotsalirazo mokwanira kuposa mzere umodzi?

```
F = ((RSSp - RSS1 - RSS2) / k) / ((RSS1 + RSS2) / (n - 2k))
```

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Muli ndi makoefishenti atatu, kuwerengera ndi konsitanti, choncho k ndi 3. RSS ya zonse, RSSp, yatuluka 90, yoyamba 20, yachiwiri 48. Pamwamba: 90 kuchotsa 68 kutsala 22, kugawa ndi 3, ndi 7.33. Pansi: n ndi miyezi 108, kuchotsa 6 kutsala 102; 68 kugawa ndi 102, ndi 0.667. F yanu ndi 11. Pa tebulo la F, malire a 5 peresenti ali pafupi ndi 2.7, ndiye mukukana zoti mzere ndi umodzi.

Musanathamangire kukapirinta, yang'aninso 20 ndi 48 uja. Mukachotsa k pa miyezi ya mbali iliyonse, mutsala ndi 49 ndi 53. Gawani 20 ndi 49, mupeza 0.41, gawani 48 ndi 53, mupeza 0.91. Zotsalira za mbali yachiwiri zikumwazika kuwirikiza kawiri, ndipo n'zosadabwitsa, poti kwacha itamasulidwa mitengo inayamba kudumphadumpha. Mayeso a Chow amatenga kuti kumwazikako n'kofanana mbali zonse, ndipo kukasiyana chonchi F ija siidalirikanso. N'chifukwa chake ine ndimakonda rigiresheni imodzi yokhala ndi zolakwa zolimbitsidwa, za `vce(robust)`, zimene sizifuna kuti kumwazikako kufanane. Mu Stata, mutachita kale `tsset`:

```
regress infl dlrate L.infl, vce(robust)
estat sbknown, break(tm(2012m5))
estat sbsingle
```

Onani kuti `infl` ndi `dlrate` ndi kusintha kwa mwezi ndi mwezi kwa mitengo ya zinthu ndi kwa mtengo wa dola, osati mlingo weniweniwo. Mukaika milingo iwiri yongokwerakwera, mayeso adzakupezerani kuthyoka paliponse pamene mwaloza.

Koma chimene chimavuta kwambiri ndi tsikulo. Meyi 2012 ndi tsiku la papepala. Aliyense amene anagona pa mzere wa mafuta mu 2011 akukumbukira kuti madola anali atasowa kale kumabanki. Wogulitsa sopo ndi mafuta ophikira mu msika wa Zomba ankaika mtengo potengera dola ya pa msika wakuda, osati K168 ija. Choncho mitengo ikhoza kukhala kuti inasiyana ndi mtengo wa boma miyezi ingapo Meyi asanafike. Choipa n'chakuti Chow adzakanabe pa Meyi ngakhale kuthyoka kwenikweni kuli Novembala 2011, chifukwa miyeziyo yayandikana.

Apa ndi pamene lamulo lachitatu lija, `estat sbsingle`, likugwirira ntchito. Limadula 15 peresenti kumayambiriro ndi kumapeto, kwa inu pafupifupi miyezi 16 mbali iliyonse, n'kuyesa mwezi uliwonse wapakati, n'kutenga umene watulutsa nambala yaikulu. Popeza mwasankha yaikulu mwa yambiri, tebulo la F silikugwiranso. Mugwiritsa malire a Andrews a mu 1993, amene pa makoefishenti atatu ali pafupi ndi 4.7, osati 2.7. Stata imakuwerengerani yokha p-value, koma nambala imene imaonetsa ndi ya Wald, choncho muigawe ndi 3 musanaifanizire ndi 4.7. Ophunzira ena amayesa miyezi khumi pamanja, n'kulemba wowoneka bwinowo ngati kuti ankaudziwa kale. Kumeneko n'kubera, ngakhale woberayo sakudziwa.

Mayeso onse awiri akaloza chapakati pa 2012, lembani molimba mtima. Akasiyana, lembani onse, jambulani girafu ya zotsalira, ndipo mufotokoze za msika wakuda. Pepala lotero limakoma kuposa longovomereza zimene aliyense akudziwa.

Polemba, musanene kuti kugwa kwa kwacha ndiko kunathyola ubalewo. Mwezi womwewo boma linabwezeretsa ndondomeko yoti mtengo wa mafuta uzisintha wokha potsatira msika, ndipo mayesowa sangalekanitse ziwirizi. Mungoti ubale unasintha cha m'Meyi 2012. Komanso, poti NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero, ili konkuno ku Zomba, dutsaniko mukafunse ngati mndandanda wa mitengo womwe muli nawo unasinthidwa chaka choyambira mkati mwa nthawi yanu, ndi mmene anaulumikizira. Polumikizira pokha pakhoza kukuonetsani kuthyoka kumene mitengo yeniyeni sinachite.